Manja a Nachoko, Mawu a Wayilesi

Pamsewu wonse wa matelala uja panalibe wodula nsalu ngati Nachoko. Dzinali anamupatsa ndi anzake a pamsewupo, chifukwa choko sichinkachoka kuseri kwa khutu lake ngakhale popita kuchipatala. Ena ankadulira pa mapepala, iye ayi. Ankayeza munthu ndi tepi, n'kuyala nsalu patebulo, n'kujambula mizere ingapo ndi choko, sizasi n'kulowa. Delesi likatha linkakhala pathupi ngati lamera pomwepo. Chimene chinamulakwira ndi phewa. Zaka zonse zokankha sizasi zinamusiyira ululu woyambira m'khosi mpaka m'chigongono, ndipo adokotala anamuuza mosapita m'mbali kuti ntchito imeneyi sapita nayo patali.

Mwana womusiyira luso analibe. Atsikana obwera kudzaphunzira ankangoti akadziwa kusoka siketi, basi ulendo, osatsanzika n'komwe. Chimene chinkamudya mtima Nachoko sichinali njala ya mawa ayi. Ankafuna kuti tsiku lina, kwinakwake, telala wina akadzafunsidwa kuti kadulidwe aka unakatenga kuti, adzatchule iyeyo.

Nzeru yopanga kosi ya pa intaneti inabwera ndi mlongo wake wamng'ono, mnyamata amene aliyense ankamuitana kuti Wayilesi. Munthuyo anali ndi mawu, abale. Akayankhula, ngakhale akupempha mchere, unkasiya zimene ukuchita n'kumvetsera. Anaphunzira zauphunzitsi koma ntchito sinapezeke, ndiye masiku ambiri ankakhala pampando wa makasitomala m'shopu ya achemwali ake, maso pafoni. Nachoko ndiye anamulera makolo atamwalira, ndipo fizi yake yonse inatuluka m'makina osokera omwewo.

“Achemwali, luso lanuli likungowolera m'kachipinda muno,” anatero tsiku lina. “Tiyeni tilijambule. Mavidiyo afupiafupi, phunziro limodzi chinthu chimodzi. Kuyeza, siketi, bulauzi, kolala, mkono. Anthu azilipira n'kumaonera pafoni.”

Nachoko anavomera msanga kuposa mmene Wayilesi ankayembekezera. Pamene anasemphana ndi pa kagulitsidwe kake.

“Ndili nawo kale amayi amene amandifunsa,” anatero Nachoko, mapini ali pakamwa. “Titsegule gulu pafoni. Wofuna anditumizire ndalama, ine ndimulowetse, ndizimutumizira mavidiyo. Akalakwitsa ajambule nsaluyo, ndimukalipire, akonze.”

“Amayi angati? Akwana m'chipinda chino n'kutsalanso malo. Ndiye mmodzi adzalipira, vidiyo n'kugawira mudzi wonse. Wina adzati ndatumiza pamene sanatumize. Muzidzadula nsalu kapena muzidzathamangitsa anthu? Tiike pa pulatifomu.”

“Pa chiyani?”

“Ndi msika wa makosi, achemwali. Anthu alipo kale ambirimbiri, amabwera okha kudzafunafuna. Mavidiyo amasunga eni msikawo, ndalama amatolera okha, wodandaula amamubwezera okha. Ife kwathu n'kuphunzitsa basi.”

“Ndiye eni msikawo amachita zonsezi chifukwa amatikonda?”

Wayilesi anaseka, ndipo sanabise. Anafotokoza kuti eni pulatifomu amadula gawo lawo. Wophunzira akabwera kudzera pa linki yako, adiresi ya kosi imene wamutumizira wekha, gawo lalikulu ndi lako, koma akamupeza ndi iwowo, lalikulu ndi lawo. Nthawi zina amatsitsa mtengo mpaka kosi n'kumagulidwa ngati tomato wamadzulo. Nambala za mafoni a ophunzira sakupatsa, ngakhale utalira bwanji. Mumayankhulana pomwepo, pamaso pa eni ake.

“Ophunzira anga, ine osawadziwa?”

“Koma iwo adzakudziwani. Mpaka akwathu amene ali kunja. Zimenezi kagulu kanu ka pafoni sikangakupatseni.”

Mawu amenewo ndi amene anamugwetsa Nachoko. Mwanayo ankadziwa pogwira.

Potsegula akaunti panafunika chiphaso, chithunzi cha nkhope, ndi njira yolandirira ndalama zochokera kunja. Wayilesi anali nazo zonse chifukwa cha timaganyu ta pa intaneti timene ankachita. Cha Nachoko chiphaso chinali chitatha ntchito, ndipo kukachikonzetsa kunkafuna kutseka shopu tsiku lathunthu n'kukaima pamzere ndi phewa lija.

“Ingolemba dzina lako, si ndiwe mwana wanga yemwe? Tidzasintha,” anatero, akuthamangira delesi la kasitomala amene anali ataima kale pakhomo.

Anamangirira foni kuthabwa limene analikhomera pamwamba pa tebulo, kamera itayang'ana pansi, kuti wophunzira aziona nsalu monga aionera wodula. M'vidiyomo munkaoneka tebulo, tepi, choko, sizasi ndi manja awiri. Manja a Nachoko anali akuluakulu, a zala zonenepa, opanda mphete chifukwa mphete imakola ulusi. Ankadula akuyankhula monga ankachitira ndi atsikana aja. “Ine pakhwapa sindiumira nsalu, munthu amafuna kukweza mkono.” “Ine ndikafika apa ndimapuma kaye, sizasi ilibe pepani.” Wayilesi ankaseka, n'kumati zimenezo ndiye anthu akazikonde. Anajambula kwa milungu ingapo, m'mamawa kuwala kukadali bwino, ndipo Nachoko anali wosangalala kuposa mmene anakhalira kwa zaka zambiri.

Eni pulatifomu amayamba aiona kaye kosi isanatuluke. Yawoyo anaibweza. Zithunzi anati zili bwino, koma mawu ayi. Zinali zoona. Kuseri kwa khoma kunali makina a telala mnzake, panja wowotcherera zitsulo, ndiponso mawu a Nachoko ankamveka chapatali chifukwa nkhope inali itaweramira pansalu.

Anayesa kuti Nachoko abwereze mawu okha kunyumba, m'chipinda chogona, atatseka mawindo n'kupachika mabulangete. Zinakanika. Popanda sizasi m'manja lilime lake linkauma. Ankachita chibwibwi, kutsalira m'mbuyo pamene manja a m'vidiyo apita kale patsogolo, kenako n'kupsa mtima.

“Nena ndiwe, iwe Wayilesi. Mawuwo Mulungu anakupatsira chiyani? Koma usasinthe kanthu. Unene ndendende monga ndanenera ine.”

Wayilesi anamvera. Anamvetsera vidiyo iliyonse, n'kulemba mawu a achemwali ake onse, n'kuwabwereza ndi mawu ake okoma aja osasiyapo ndi limodzi lomwe. “Ine pakhwapa sindiumira nsalu.” “Ine ndikafika apa ndimapuma kaye.” Ine, ine, ine, kuyambira phunziro loyamba mpaka lomaliza. Nachoko atamvetsera anawomba m'manja, nati mwanayu ndi wokhulupirika, sanandidyere mawu. Onse awiri sanaganize kuti munthu wakutali, woona manja opanda nkhope ndi kumva mwamuna akuti ine, adzaganiza chiyani.

Kosi inatuluka. Pamwamba pake panali mutu, pansi pake chithunzi cha Wayilesi atavala taye, ndi mawu oti mphunzitsi.

Sikuti analemera ayi. Miyezi ina kunkabwera kangachepe, ina kochulukirapo, makamaka eni msika akatsitsa mitengo. Wayilesi ankabweretsa ndalamazo zonse patebulo, ndipo pa zimenezi palibe angamunene. Ophunzira ankalemba mafunso pansi pa mavidiyo. Iye ankawawerenga mokweza m'shopu, Nachoko n'kuyankha akusoka, iye n'kulemba. Kolala ikukana kugona, nditani? Nsalu yotamuka ndidule bwanji? Nachoko ankayankha ndi mtima wonse, ndipo ena anafika powazindikira ndi kafunsidwe kawo.

Tsiku lina Wayilesi anasiya foni patebulo n'kupita kukagula zipi. Nachoko anaitenga, n'kuyamba kuwerenga yekha pang'onopang'ono, chala chili pagalasi. “Zikomo bambo, Mulungu adalitse manja anu.” “Sindinaonepo mwamuna wodziwa thupi la mzimayi chonchi.” “Ndatsegula shopu yanga, ndipo aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti anandiphunzitsa ndi abambo a pa intaneti.” Pansi pa uthenga uliwonse Wayilesi anali atayankha kuti zikomo, pitirizani kulimbikira. Powerenga mokweza muja, mawu oti bambo ankawadumpha.

Nachoko anaika foni pansi. Chimene ankachifuna chija chinali chitachitikadi. Telala wina, kwinakwake, anafunsidwa, ndipo anatchula munthu amene sadziwa kulowetsa ulusi pasingano n'komwe.

“Bwanji sunawauze?” Nachoko anafunsa, Wayilesi atangolowa.

“Ndimafuna kukuuzani, achemwali. Zinangoyamba zokha. Woyamba atati bambo ndinaona ngati n'zazing'ono.”

“Uikepo dzina langa. Chiphaso ndikakonzetsa mawa.”

“N'zotheka, amalola aphunzitsi awiri pa kosi imodzi. Koma taganizani kaye. Anthu atipatsa nyenyezi zoyamikira kosi chifukwa amakhulupirira munthu amene akumumva. Lero tiwauze kuti amene amati ine uja si iyeyo? Adzati tinawanamiza. Nyenyezi zikagwa kosi imatsikira pansi, ndipo pansipo safikako munthu. Tiyeni tidikire mwezi uno udutse.”

Mwezi unadutsa, unzake n'kudutsanso. Chiphaso chinakonzedwa n'kukhala m'chikwama. Nthawi iliyonse Wayilesi anali ndi chifukwa chomveka bwino, chonenedwa ndi mawu okoma. Chimene Nachoko anaona n'chakuti mwanayo anali atayamba kuyenda mowongoka. Munthu amene anakhala zaka akufunsira ntchito osayankhidwa tsopano ankatchedwa mphunzitsi tsiku lililonse, ndipo zinkamukoma. Nachoko anamumvera chisoni ndi kumukwiyira nthawi imodzi, ndipo mkwiyo ndi umene unakula.

“Msika wakowo khala nawo,” anamuuza m'mawa wina. “Ine ndibwerera ku nzeru yanga ija. Ndijambula ndekha, ndigulitsa ndekha.”

Wayilesi sanatsutse. Anangoti luso ndi lanu, achemwali, ndipo kuyambira tsikulo anayamba kubwera kushopu mwa apo ndi apo.

Nachoko anatsitsa foni pathabwa paja n'kuiimika pashelefu, kuti nkhope ndi manja zizioneka pamodzi. Phokoso la wowotcherera linalowa, makina a kuseri analowa, iye analibe nazo ntchito, panalibenso womubwezera. Anaphunzitsa monga ankaphunzitsira nthawi zonse, kuyambira kuyeza mpaka mkono, mawu ake omwe aja, nthabwala zake zomwe zija, poti munthu sangabwereke pakamwa pena. Anauza makasitomala, makasitomala anauza abale awo. Amayi anayamba kutumiza ndalama pafoni, iye n'kumawalowetsa pagulu.

Zimene Wayilesi ananena zija zinachitika ndithu. Wina anatumiza chithunzi cha malipiro a mwezi watha ngati atsopano. Wina analipira theka n'kuzimitsa foni. Vidiyo ya kolala anakaipeza pafoni ya mayi amene sanalipirepo kalikonse. Foni inkalira ali pakati podula, wina akufuna kuti amutumizirenso phunziro chifukwa mwana wafufuta. Koma panalibe womudula gawo, ndipo koposa zonse ankawadziwa. Ankadziwa amene ali ndi makina a manja, amene amasokera pakhonde, amene amaopa nsalu yodula mtengo. Ankamutcha aphunzitsi, ndipo iye akamva mawuwo phewa linkakhala ngati lapepuka.

Zinayenda choncho mpaka pamene analowa mayi wina wosoka mayunifolomu a sukulu. Anakhala masiku awiri akuonera, kenako analemba pagulu, pamaso pa onse.

“Pepani amayi, ine sindikonda zachinyengo. Maphunziro awa ndinawagula kale pa pulatifomu, kwa abambo ena. Ndondomeko yake ndi yomweyi. Mawu ndi omwewa, mpaka zoti sizasi ilibe pepani. Mwaloweza kosi ya eni ake n'kumatigulitsa ngati yanu. Kumeneku ndi kuba.”

Anaikanso kachidutswa ka vidiyo kojambula pafoni yake. Mawu a Wayilesi anamveka pagulu la Nachoko, odekha, aulemu, akuti ine pakhwapa sindiumira nsalu.

Gulu linawira. Amayi amene dzulo lake ankamuthokoza anayamba kulemba kuti tinaona kale kuti pali chinachake. Ena anafuna ndalama zawo tsiku lomwelo. Apa panalibe eni msika oti aime pakati. Wolandira anali iye, wobweza anali iye, ndipo ndalamazo zinali zitapita kale ku lendi ya shopu ndi mankhwala a phewa. Nachoko anajambula mawu oyankha. Anati manja a m'vidiyomo ndi ake, ayang'ane bwino. Mayi wa mayunifolomu anayankha kuti manja ndi manja, aliyense ali nawo, koma kosi ya abambowo inatuluka kalekale ndipo dzina lawo lilipo, chithunzi chilipo, nyenyezi zilipo. Inu muli ndi chiyani?

Analibe kanthu. Mavidiyo oyamba aja, a mawu ake ndi phokoso la zitsulo, anawafufuta okha kalekale kuti foni ipeze malo.

Anatseka shopu dzuwa likadali pamutu n'kupita kumene Wayilesi ankachita lendi. Anamupeza akusita malaya.

“Ndakulowetsa pagulu langa. Uwauze.”

Wayilesi anawerenga mauthenga onse, nkhope ikugwa. “Achemwali, mayi ameneyu ndi wophunzira wa pa pulatifomu. Chimene ndinene pano akachilemba uko.”

“Akalembe. Ine ndinakuchapira matewera, iwe. Lero anthu akunditcha wakuba chifukwa cha mawu otuluka m'kamwa mwanga, ndiye ukundiwerengera nyenyezi? Sindikupempha ndalama. Uwauze kuti ndine ndani.”

“Chabwino. Pitani, ndikonza. Ndikulonjeza kuti pofika madzulo palibe adzakutcheninso wakuba.”

Nachoko anabwerera kushopu. Anayala nsalu ya kasitomala koma sanaidule. Foni itanjenjemera anaitola msangamsanga, n'kukhala pampando wa makasitomala uja kuti amve bwino. Unali uthenga wa mawu.

“Amayi nonse, ndakupatsani moni. Ine ndi mphunzitsi amene mwamumva m'kavidiyo kaja. Ndapempha kuti mitima ikhale pansi. Amene mukuwanenawa si akuba ayi. Ndi achemwali anga enieni, ndipo ndi telala wodziwa ntchito yake. Maphunzirowa ndi a m'banja mwathu. Zonse zimene akukuphunzitsanizi ine ndikuzidziwa, ndipo ndawaloleza ndi mtima wonse. Muli m'manja abwino.”

Anaumvetsera kawiri. Anafunafuna bodza loti aligwire, koma mwanayo anali atayenda mosamala. Achemwali ake analidi. Telala analidi. Liwu limodzi lokha ndi limene linamulasa, loti ndawaloleza. Kumuloleza iye, pa luso limene linamudyetsa mwanayo ndi kumuphunzitsa sukulu!

Anadina kuti ajambule yankho. Mawu anali atadzaza kale pakamwa, okwanira kugwetsa Wayilesi ndi taye yake yomwe. Koma asanayambe, mauthenga anayamba kugwa ngati mvula.

“Pepani amayi, tinalakwitsa.”

“Bwenzi mutanena kale kuti ndinu achemwali a aphunzitsi!”

“Ine zobweza ndalama zija ndasiya.”

Mayi wa mayunifolomu anapepesa kuposa onse. Anati tsopano wamvetsa chifukwa chake amayiwa amadula bwino chonchi, magazi ndi amodzi. Anati abweretsa anzake a kuntchito kwake, chifukwa kuno n'kwabwino, munthu umafunsa n'kuyankhidwa ndi wa m'banja mwenimweni. Asanamalize n'komwe, foni inalira kuti ndalama zalowa, za munthu watsopano.

Chala cha Nachoko chinali chikadali pamalo ojambulira. Akanena zoona, gulu liwiranso. Ena amukhulupirira, ambiri ati nkhani za pachibale tisalowerere, tibwezereni zathu. Kosi ya pa pulatifomu igwa, mwana amene anamulera achita manyazi pamaso pa anthu, ndipo iye atsala ndi phewa lakufa ndi shopu ya lendi. Anaona zonsezi bwinobwino, ndipo anadana nazo, anadana ndi Wayilesi, anadzidanso yekha chifukwa ankadziwa kale chimene achite. Anachotsa chalacho, yankho lija osalijambula.

Panabwera uthenga wina, wa mayi wosokera pakhonde, amene Nachoko anamuphunzitsa kugoneka kolala mpaka inagona.

“Amayi, funso laling'ono. Inu mukuyesetsa ndithu, sitikudandaula. Koma kodi aphunzitsi eni akewo sangamabwereko pagulu pano, ngakhale kamodzi pa mwezi, kuti tizifunsa zovuta zija?”

Ena anavomereza kuti eya, zingathandize. Anali kudikira yankho, ndipo foni inkaonetsa kuti onse awerenga. Nachoko anapukuta m'maso ndi kansalu kotsala podula, n'kulemba ndi chala chimodzi.

“Ndiwapempha.”